A Kweka Afika Dzuwa Likadalipo

Ndakwerapo magalimoto a anthu ambiri mu Dar es Salaam muno, koma munthu woopa msewu ngati a Kweka sindinamuone. Tinkagwira ntchito ofesi imodzi ya inshuwalansi ku Posta, dera la pakati pa mzinda, ndipo iwo ntchito yawo inali kuwerenga malipoti a ngozi kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Munthu ukamadya nkhani zotere tsiku ndi tsiku umayamba kuona maliro ako pamphambano iliyonse. Tonse tinkakhala ku Kimara, ndiye ankanditenga pa kagalimoto kawo kotuwa. Ine ndinkatsikira pamsewu waukulu, iwo n'kukhotera mkati, kumene ndinali ndisanapondeko.

M'galimotomo munali malamulo kuposa m'khoti. Mawindo otseka ngakhale dzuwa likuwamba. Foni m'buti. Chikwama pansi pa mpando. Ndolo zanga ndinkazivula ndisanakwere, ngati ndikulowa m'chipinda cha opaleshoni.

Sindikuti analibe chifukwa. Tsiku lina madzulo ali pa foleni ku Magomeni, mzere wa magalimoto uja umene umaima ngati wamera mizu, panabwera munthu wina wovala bwino. Anawapatsa moni waulemu, n'kuzula galasi loonera m'mbuyo la mbali yawo, n'kumapita akuyenda pang'onopang'ono. Athamangirenji, mwini galimoto ali wotsekeredwa kutsogolo ndi kumbuyo? M'mawa mwake a Kweka anakagula galasi lina kwa ogulitsa zitsulo, n'kupeza kuti ndi lomwe lija, lili ndi nambala ya galimoto yawo imene anazokotetsa okha. Wogulitsayo anawayamikira kuti ali ndi mwayi, lakwana ndendende.

Kuchokera tsiku limenelo anayamba kuuphunzira mzinda monga ena amaphunzirira Baibulo. Kuseri kwa kalendala yakale anajambula njira zitatu zochokera ku Posta. Yoyamba inali ya Morogoro, yodutsa m'dambo la Jangwani, limene mvula ikangotsokomola kumtunda madzi amakwera pamsewu, kenako Magomeni ndi Manzese, kumene manja amalowa pawindo osagogoda. Yachiwiri inali ya Buguruni, yodzaza malole ochokera kudoko, amene akamakhota saona kuti pambali pali kagalimoto. Yachitatu inali yozungulira ku Mwenge, yotalika, yotha mafuta. Ndipo zonse zitatu zinkakumana pa Ubungo, ngati abale odana amene amakumana pamaliro.

"Nanga basi yothamanga ija ya mwendokasi, poti ili ndi msewu wakewake?" ndinawafunsa tsiku lina.

"Muja umalowa ndi foni, n'kutuluka ndi chikwama chake chokha."

"Bodaboda?"

"Shufaa, njinga zamoto zimenezo ndi zimene zimandilembetsa ntchito. Usanditchulirenso."

Atasinkhasinkha miyezi itatu anapeza nzeru yawo yaikulu: njira yabwino kulibe, imene ilipo ndi nthawi yabwino. Foleni imadzuka cha m'ma sikisi m'mawa, ndiye ife tinkanyamuka hafu pasiti folo, tambala akadayasamula. Madzulo imagwira kuyambira folo koloko, n'kudzamasuka cha m'ma naini, ndiye tinkakhala mu ofesi kuidikira kuti ife. Ine ndinaphunzira kuluka zipewa. Zinalibe kanthu kwa ine, kwanga kunkandidikira mphaka yekha, ndipo nayenso sankandifuna kwenikweni. Loweruka tinkaweruka masana, koma a Kweka ankaopa magalimoto a maukwati, amene madalaivala ake amayendetsa akuvina, choncho ankadikiranso mdima. Lamlungu ankadziponya pamkeka pabalaza n'kugona tsiku lonse ngati thumba la makala.

Ndivomereze, nzeruyo inkagwira ntchito. Zaka zinayi osabedwa, osagundidwa, osakandika ngakhale penti. Koma kunyumba kwawo kunali mwana wamkazi, Aichi, amene ankagona hafu pasiti seveni n'kudzuka dzuwa litatuluka.

Lachiwiri lina a Kweka anakwera m'galimoto nkhope itagwa. Pa Manzese anati, "Mayi a kunyumba akuti ine ndine mame."

"Mame?"

"Akuti ndimagwa usiku, dzuwa likamatuluka ndauma. Lachisanu Aichi akukwanitsa zaka zinayi. Akuti ndikapanda kufika mwana ali maso, Loweruka akwera basi ya ku Moshi, akamulerere kwa agogo ake. Akuti kumeneko mwana akasowa bambo mwachilungamo, osati kumusowa ali m'nyumba momwemo."

Ndinafuna kuseka, koma nditaona nkhope yawo ndinameza. Munthuyu mwana wake ankamukonda kwambiri. Chithunzi chake chinali m'chikwama, pa tebulo la ku ofesi, ngakhale m'buti pafupi ndi tayala la sipeya. Zaka zonsezi ankadzisunga wamoyo chifukwa cha mwanayo, kungoti mwanayo nkhani imeneyi sankaidziwa.

Masiku atatu otsatirawo anakonzekera ngati akupita kunkhondo. Anapempha abwana kuti aweruke masana. Anaimbira msuweni wawo wa ku Kibaha kumufunsa ngati kumtunda kuli mitambo. Anafunsa mlonda wa pakhomo ngati wamva za mlendo wamkulu aliyense wobwera mumzinda, poti apolisi akatseka msewu kudikira mdipiti wa akuluakulu mumatha kumera ndevu muli pampando. Pomaliza anagamula kuti tinyamuke hafu pasiti thu: Asilamu atabwerera kale ku mapemphero a Lachisanu, ana asukulu asanatuluke, a m'boma asanaweruke. Ine udindo wanga unali kunyamula keke pamiyendo mpaka kunyumba kwawo.

Ndikuuzeni, msewu tsiku limenelo unatichitira chipongwe, unali mbee. Pa Jangwani fumbi lokhalokha. Pa Magomeni maloboti anatiyakira obiriwira ngati tawapatsa kenakake. Wogulitsa mtedza wa korosho wina anayesa kutithamangira n'kulephera. Pa Ubungo wapolisi anangotikupizira dzanja. Isanakwane hafu pasiti fili tinali pa Kimara, dzuwa lili pamutu, a Kweka akuimba nyimbo ya kutchalitchi.

Anakhotera mumsewu wafumbi, anayenda pang'ono, n'kuponda buleki.

"Bwanji?" ndinafunsa.

"Pano sipano."

"Sipati?"

"Ndimakhota pa nyali yobiriwira ya sitolo ya mankhwala. Kenako pa babu la wokazinga chipisi ndimalowera kumanzere. Kenako pali timagetsi tabuluu ta pa bala, galu amauwa, ndiye geti lachitatu."

Ndinayang'ana kunja. Kunali masitolo, makomo, mbuzi, amayi akuchapa, misewu ing'onoing'ono yolowera uku ndi uku, koma nyali yoyaka ngakhale imodzi panalibe. Wachipisi anali asanatulutse n'komwe chiwaya chake. Agalu onse anali m'tulo pamthunzi.

Apa m'pamene anaulula. Nyumbayo anasamukiramo miyezi isanu ndi itatu yapitayo, ndipo anasamutsa ndi Mama Aichi, pa lole, tsiku la ntchito. Madzulo ake mayiwo anakawachingamira pamsewu waukulu n'kuwalozera njira ndi nyali zija. Kuchokera apo a Kweka anali asanaione nyumba yawo kunja kukuwala.

"Ndiye tifunse anthu," ndinatero.

"Ndifunse kuti chiyani? Kuti pepani, kwathu n'kuti?"

"Safunsa anadya phula, a Kweka."

"Komanso kutsegula windo pamalo osawadziwa n'koopsa."

"Malo osawadziwa ake ati? N'kwanu kuno!"

Tinazungulira kanayi. Kagalimoto kotuwa, mawindo otseka, kakuyenda ngati kamba, dalaivala akusuzumira geti lililonse. Ulendo woyamba anthu a bodaboda okhala pansi pa mtengo wa mango anangotiyang'ana. Wachiwiri anasiya kucheza. Wachitatu mmodzi anaimirira n'kujambula nambala yathu ndi foni. Keke inayamba kutuluka thukuta pamiyendo panga, dzina la Aichi likutsetsereka.

Kenako a Kweka anatsika, anatulutsa foni m'buti, anathamangira mkati, anakhoma zitseko, n'kuimbira akazi awo. Mawu a Mama Aichi ndinawamva bwinobwino.

"Mwati mwafika? Ndiye lowani."

"Eya, kungoti, amayi, geti lathu lili cha pati?"

"Nyumba yanu yomwe mukufunsa ine?" Foni inadulidwa.

A Kweka anapukuta nkhope. Kenako maso awo anawala, monga amachitira akapeza nzeru, ndipo ine mtima unangoti myuu, chifukwa nzeru zawo ndinkazidziwa. "Osadandaula," anatero. "Tidikira mdima. Pofika seveni nyali ziyaka, njira ioneka, titsala ndi theka la ola mwana asanagone."

Munthu amene anathawa foleni ya mzinda wonse anaimika galimoto pambali pa mpanda wina n'kuyambitsa foleni yakeyake, ya galimoto imodzi. Tsoka lake patsogolo pathu panali bwalo limene ana ankasewera mpira wa mapepala. Taganizani inu: galimoto yachilendo, mawindo otseka, bambo wathukuta akuyang'anitsitsa mwana wamkazi aliyense wodutsa n'kumayerekeza ndi chithunzi, pambali pake mayi atanyamula keke. Ngakhale ine ndikanaitana anthu.

Ola lisanathe tinazingidwa. Njinga zamoto kutsogolo, njinga zamoto kumbuyo, amayi ndi zipande, bambo wina ndi fosholo. Pakati pawo panatuluka mayi wamfupi wonenepa, ufa wa chapati uli m'manja, n'kugogoda pawindo ndi chala chimodzi. A Kweka anatsitsa windo pang'ono pokwana envelopu.

"Tsitsani lonse, bambo, sindiluma. Ine ndine Bi Mwamvita, mjumbe, woyang'anira nyumba za mumsewu uno. Aliyense wogona kuno ndimamudziwa, ndi nkhuku zake zomwe. Inu ndinu yani, ndipo mukufunanji kwa ana athu?"

"Ndine Kweka. Ndimakhala konkuno."

Anthu anaseka. "Ndiye ine ndimakhala ku Ulaya!" anakuwa wa bodaboda wina.

"Chabwino, a konkuno," anatero Bi Mwamvita. "Woyandikana nanu nyumba ndani?"

"Ali ndi galu."

"Geti lanu ndi lamtundu wanji?"

"Lakuda."

"Mumsewu uno mulibe geti lakuda."

Ndinalowererapo. "Mayi, pepani, kwa bambowa mageti onse ndi akuda. Amawaona usiku okhaokha. Ndi amuna awo a Mama Aichi."

Bi Mwamvita anapukuta manja pa chitenje chawo cha kanga n'kuwayang'ana a Kweka kuyambira kumutu mpaka pa lamba wa mpando, amene anali akadamanga. "Mama Aichi ndimawadziwa. Koma si amasiye amene aja?"

"Ayi, ine ndinamva kuti amuna awo ali kundende," anatero mayi wina.

"Amayendetsa sitima zapanyanja!"

"Pa Khirisimasi tinawapatsa mpunga wa amayi amasiye," anatero Bi Mwamvita, "ndipo analandira."

"Mpungawo ndinadya nawo," anatero a Kweka motsitsa mawu. "Unali wabwino."

Bi Mwamvita analamula kuti nkhaniyi ikathere pakhomo pa Mama Aichi. Anatitulutsa, a Kweka pakati, ine ndi keke m'mbuyo, chigulu chonse chikutiperekeza ngati mkwati. Ulendo wake unali wa mapazi makumi awiri. Tinangokhota pakona ya mpanda womwe tinaimikapo galimoto uja n'kuima pa geti lobiriwira ngati tsamba la nthochi. Nthawi yonse ija a Kweka anali atatsamira nyumba yawo.

Mama Aichi anatsegula, mayi wamtali wowonda, atapinda manja pachifuwa. Pakhonde kumbuyo kwawo ndinaona masutikesi awiri omangamanga kale. Mtima wanga unawawa, chifukwa ndinadziwa kuti za ku Moshi zija sizinali zoopseza chabe.

"Mama Aichi, tagwira munthu uyu akuzungulirazungulira," anatero Bi Mwamvita. "Akuti ndi amuna anu. Mukumudziwa?"

Mayiwo anawayang'ana a Kweka nthawi yaitali. "Masana ali chiimire sindinawaonepo kalekale, ndingathe kunama. Funsani mwana. Akawadziwa, alowe. Akapanda kuwadziwa, apite nawo a bodabodawa."

Aichi anatuluka atavala diresi yachikasu ya tsiku lake lobadwa, tsitsi lomangidwa timfundo. A Kweka anagwada, manja atatambasula, kumwetulira mano onse pamtunda. "Aichi, mwanangu! Bwera kwa ababa!"

Mwana anawayang'ana, anayang'ana keke, anayang'ananso iwo, n'kukabisala kuseri kwa kanga ya amayi ake.

"Ndi ndani ameneyu, Aichi?" anafunsa Bi Mwamvita mofatsa.

"Sindikudziwa. Mwina ndi wa magetsi."

Wa fosholo uja anasendera pafupi. A Kweka anatulutsa chithunzi, anatulutsa chiphaso, anaimba nyimbo imene ankati ankamuimbira ali wakhanda. Mwana anangokanirira kanga. Bi Mwamvita anawerama n'kufunsanso, "Nanga ababa ako amaoneka bwanji, mwanawe?"

"Ndi aatali chonchi," anatero Aichi, akutambasula manja cham'mbali, osati cham'mwamba. "Alibe maso. Amalira ngati jenereta."

Sindikudziwa chimene chinandigwira. Ndinaika keke pansi n'kuwakoka a Kweka jekete. "Gonani."

"Chiyani?"

"Gonani pansi, bambo inu, mutseke maso, muchite zimene mumachita Lamlungu!"

Munthu wa tayi, woopa fumbi, woopa tizilombo, woopa chilichonse choyenda, anagona chagada pabwalo la nyumba yake pamaso pa msewu wonse. Anavula nsapato, anaika dzanja limodzi pamimba, anatsegula kukamwa. Mkonono woyamba unatuluka wamanyazi. Wachiwiri unagwedeza malata.

Aichi anasuzumira. Anasiya kanga. Anayenda monyang'ama mpaka pamene panali mutu wawo, anawerama, anayang'anitsitsa m'mphuno, n'kutembenukira kwa amayi ake nkhope ikuwala.

"Ababa! Amayi, ndi ababa! Lero ndi Lamlungu?"

A bodaboda anayamba kuomba m'manja ndi kuliza mahutala. Koma mwana anawatembenukira mokwiya, chala pakamwa. "Shhh! Musasokose! Ababa sadzutsidwa. Atopa ndi msewu." Anathamangira m'nyumba, anabwera ndi kansalu kofundira chidole chake, anawafunditsa pachifuwa bwinobwino, n'kukakhala patali pang'ono, manja pamiyendo, chete, monga anaphunzitsidwira.

Wa fosholo anaibisa kumbuyo. Ine ndinalira, sindibisa, ndipo ndinakwiya nawo a Kweka, ndinakwiya ndi foleni, ndinakwiyanso ndekha chifukwa cha zipewa zonse zija ndinaluka ndili phee. Mkonono unali utasiya. Misozi inkatsika m'mbali mwa maso otsekawo kulowa m'makutu, koma bambowo ankaopa kutsegula maso, kuti mwina akawatsegula asandukanso wa magetsi.

Mama Aichi ndi amene anamasula manja. Anakagwada pafupi ndi mwana n'kunena kuti, "Pita ukawadzutse. Lero ndalola."

Aichi anapita, anagwira chikope chimodzi ndi tizala take n'kuchikweza. Anasuzumira mkatimo kanthawi. "Alimo," anatero.

Keke tinadya msewu wonse, ngakhale inali itasanduka phala. Bi Mwamvita anawagwira dzanja a Kweka n'kuwayendetsa nyumba ndi nyumba kuwaonetsa kwa anthu, kuti mawa asadzamenyedwe. Masutikesi analowa m'nyumba, koma Mama Aichi ananena pamaso pa tonse kuti sawamasula kufikira ataona.

Lolemba, faifi koloko itangokwana, ndinatulutsa zoluka zanga monga mwa masiku onse. Nditakweza maso ndinaona a Kweka ataima pakhomo, makiyi m'manja, nkhope ngati munthu wopita kukachotsa dzino.

"Tiyeni, Shufaa."

"Pano? Foleni ili pachimake."

"Ndawerengera. Tikalowamo pano, tituluka seveni. Njira ya Morogoro, mzere wapakati, kutali ndi m'mphepete, mawindo otseka. Mvula ikagwa, ya Mwenge."

Tinakwawa ngati nkhono. Pa Magomeni tinaima mphindi makumi anayi, wapolisi akudutsitsa a mbali ina okhaokha, loboti ikungodzisinthira mitundu popanda woimvera. Ndipo ngati zopangana, pakati pa magalimoto panatulukira munthu wovala bwino, anatipatsa moni, n'kugwira galasi lija. A Kweka anamuyang'ana, anayang'ana wotchi, kenako anatsitsa windo lonse, koyamba m'zaka zinayi.

"Achimwene, musalithyole, limachita kupotokola chakumanzere. Koma fulumirani, atilola posachedwa, ndipo ine mwana amagona hafu pasiti seveni."